Chiliza cha pa Foni

Ndalama za chiliza cha Kalisto zinkakhala mu foni yanga. Sindinachite kuzipempha. Abale ake atakhala pansi anagwirizana kuti zisungidwe kwa ine, mkazi wake, poti akulu ake, a Binwell, ndalama m'manja mwawo sizigona. Si kuti amamwa ayi. Iwo akangomva munthu akulira amapisa m'thumba asanafunse chomwe chikumuliza. Ine ndinagulitsa mbuzi, iwo anaikapo za manachesi a chaka chonse, mlongo wawo wa ku Joni anatumiza zake, ena onse anaponyamo kangachepe. Foni ikalira kuti zalowa, ndinkangowerenga uthengawo n'kuibwezera m'thumba.

Kalisto anagwa m'munda chaka chatha khasu lili m'manja. Pofika naye kuchipatala kuno ku Chifunga anali atapita kale. Tinakamuika kwawo ku Matandani, kumtunda. Pamaliro ndinalira monga amalirira mkazi wamasiye, poti anthu amayang'ana. Kuchokera pamenepo mkati mwangamu munangoti zii. Ndimadya, ndimalima, ndimachapa yunifolomu ya mwana wathu Ellen, koma munthu akamandiyankhula ndimamumva ngati ali kuseri kwa khoma. Azimayi a kutchalitchi amati, "Yunike ndi wolimba mtima." Kulimba kwake kuti? Mwendo ukachita dzanzi suwawa, koma palibe amautama.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ndinkachifuna mosakayika: manda a Kalisto akhale ndi mwala, dzina lake lilembedwe poti mvula singalifufute. Kathabwa kamene tinazika tsiku la maliro chiswe chinali chitakayamba kale. Tsiku lovundukula chiliza linali litakhazikitsidwa, Lamulungu lomaliza la Ogasiti, ndipo achibale onse anali atauzidwa.

Kutatsala milungu yochepa, a Binwell anatsika pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mwana wawo anali atawatumizira foni yaikulu, ndiye munthu wamkulu uja anali atakwatira Fesibuku ngati mkazi wachiwiri. Madzi akumwa sanawadikire.

"Mlamu, Mulungu watiyankha. Taonani."

Linali tsamba la shopu yogulitsa ziliza, dzina lake Mwala Wosatha, ya ku Limbe. Miyala yakuda, yonyezimira moti munthu ukhoza kupesera tsitsi. Ina yooneka ngati buku lotsegula, ina ngati mtima. Mtengo wake unali pafupifupi theka la umene tinamva kwa anthu amene anagulapo ku Blantyre, ndipo ankati kubweretsa mpaka kumanda n'kwaulere, chigawo chonse cha kumwera.

"Mpaka ku Matandani?" ndinafunsa. "Msewu umene uja, ulere?"

"Ndayankhula naye mwini wake. Ndi a Wisdom. Munthu wa Mulungu, mlamu. Ndi wa mpingo wathu." A Binwell ndi a Sabata, mkulu woimba kwaya chiyambire unyamata wawo. "Ndinamuimbira Loweruka mwangozi, osayankha. Dzuwa litalowa anandiimbira yekha kupepesa kuti pa Sabata sagwira foni ya bizinesi. Mukuona? Tinapemphera limodzi pa foni pomwepo."

"Za mpingo anayamba kunena ndani, inu kapena iye?"

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa mtundu wa kabudula wamkati. "Zili ndi ntchito? Mutumize ndalamazo. Akuti mtengo umenewu utha sabata ino."

Ndinati ndamva. Anandipatsa nambala ya a Wisdom, anakwera njinga yawo n'kubwerera.

Madzulo ake ndinatumizira a Wisdom dzina lonse la Kalisto, tsiku lobadwa ndi lomwalira, ndi vesi imene a Binwell anasankha. Anayankha msanga. Anandipepesa maliro ndi mawu okoma kuposa a abusa, ankanditchula "mayi athu." M'mawa mwake, ndisanamalize n'kusesa pabwalo, chithunzi chinalowa. Mwala wakuda, ndipo pamwalapo KALISTO, zilembo zoyera, masiku awiri aja m'munsi mwake, vesi pansi penipeni. Pansi pa chithunzi analemba kuti anyamata agwira ntchito osapuma chifukwa nkhani yathu yawakhudza, chatsala n'kulipira kuti mwalawo ukwere lole.

Ndinakhala pakhonde n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti mwina ndilira, kapena ndisangalala. Palibe chinabwera. Ndinangoona kuti dzina analilemba bwino, sanalakwitse chilembo.

Ndalama zambiri chonchi ndinali ndisanatumizepo, ndiye ndinkaopa kuphonya nambala. Ndinapita kumsika kwa a Mariam. Ali ndi golosale, ndipo pawindo lake ndi pamene timaika ndi kutapa ndalama za pa foni. Ndi mayi wa pakamwa pakuthwa, amene amatha kukukongoza sopo uku akukunyoza. Tinazolowerana kalekale, ana athu ali kalasi imodzi.

"Amake Ellen, mwabwera kudzatapa?"

"Kutumiza. Mundithandize ndisalakwitse."

Ndinawaonetsa chithunzi. Anapukuta manja pa nsalu, anatenga foniyo n'kuiyandikitsa kumaso.

"Mwalipira kale zingati?"

"Sindinalipire."

"Dzinali munawapatsa liti?"

"Dzulo madzulo."

"Ndiye agoba mwala usiku umodzi, wa munthu amene sanawapatse ngakhale tambala?" Anaseka pang'ono. "Telala wa apayu sadula nsalu usanamupatse kenakake. Nsalu, amake Ellen. Nanji mwala, woti akaulemba dzina la amuna anu sangaugulitsenso kwa wina. Ife Asilamu ziliza zotere sitimanga, koma akuba ndimawadziwa. Anandilumapo ndi zitenje. Khalani pa benchipo."

Ndinakhala. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri n'kundionetsa. Mwalawo unajambulidwa chammbali, wopendekeka pang'ono, koma zilembo zinali zitaima chilili ngati za m'buku. Kuwala kwa dzuwa kumene kunadutsa pamwalapo sikunakhudze chilembo ngakhale chimodzi. Ndipo mwala umene ankati uli mushopu ku Limbe unali utazikidwa kale pansi, pa kapinga wometa bwino, kumbuyo kwake kukuoneka manda ena.

"Werengani dzina la pamanda a kumbuyowo."

Ndinayesa. Linali dzina lodzaza ma X ndi ma Q, loti lilime langa silingalikwanitse.

"Ku Limbe kumeneko?" anatero a Mariam.

Kenako anachiika chithunzicho pa Gugo, pamene umafufuza ndi chithunzi m'malo mwa mawu. Mwala womwewo unatuluka pa tsamba la kampani ina ya ku Joni, kapinga yemweyo, manda a kumbuyo omwewo. Kusiyana kwake, pamwalapo panali dzina la mayi wina amene anamwalira Kalisto akadali moyo, akulima.

Sanalekere pomwepo, poti a Mariam akayamba chinthu amachita ngati akusankha nsabwe. Anatsegula tsamba la Mwala Wosatha n'kupita pamene Fesibuku imaonetsa mbiri ya tsamba: tsiku limene linatsegulidwa ndi maina amene lakhala likusintha. Poyamba linali logulitsa mafoni. Kenako linasanduka la feteleza wotchipa, nthawi ya dzinja. Dzina la ziliza linali la mwezi wathawu. Ndemanga za pansi pa zithunzi zinali zotamanda zokhazokha, "Zikomo bwana katundu wafika," "Anthu okhulupirika," mawu ofanana ngati ana a sukulu akubwereza pambuyo pa aphunzitsi. Tinatsegula awiri mwa otamandawo. Analibe anzawo, analibe chithunzi cha mwana kapena cha ukwati, ngati anthu obadwa dzulo ali akuluakulu. Pena pankalembedwa kuti ndemanga zilipo zambiri, koma ukatsegula n'kupezamo zochepa.

"Zinazo anabisa," anatero a Mariam. "Ndi za anthu olira. Tsopano yambani kutumiza, koma pini musalembe. Mwamva? Musalembe."

Ndinalemba nambala ija ndi ndalama. Foni isanafunse pini imayamba yaonetsa dzina la mwini nambala. Linatuluka dzina la mkazi, Stelia.

"A Wisdom asanduka Stelia. Chabwino, zimachitika, anthu ambiri a geni amalandirira pa nambala ya akazi awo, chimenecho pachokha si umbava. Koma shopu yokhala ndi lole yakeyake, yopereka katundu chigawo chonse, ilibe nambala ya bizinesi yotulutsa dzina la shopu? Aimbireni. Muwauze atsegule vidiyo, atione, ifenso tione mwalawo, munthu ataugwira ndi dzanja."

Ndinaimba. Mawu a a Wisdom anali ofewa, a munthu wosathamanga. Anati Stelia ndi mlongo wawo amene amasunga ndalama za kampani. Za vidiyo anati kamera ya foni yawo inasweka. Ndinati abwereke ya mmodzi mwa anyamata aja ogwira ntchito osapuma. Anati anyamata apita kukadya. A Mariam ankandinong'oneza, ine n'kumabwereza ngati wailesi.

"Bwanji mubweretse mwalawo, ndidzalipire utatsika mulole?"

"Mayi athu, malamulo a kampani salola."

"Nanga nditume munthu abwere kushopu kwanu ndi ndalama, aone mwala, alipire pomwepo?"

Anatchula malo: ku Limbe, kuseri kwa malo okwerera basi, nyumba yopaka utoto wobiriwira. Anawonjeza kuti masiku ano iwo amakhala koyenda, munthuyo mwina sawapeza, ndipo lole ya ku Mwanza ndi Neno inyamuka posachedwa, tikaiphonya basi. Anati ngati vuto ndi nambala ya mlongo wawo, anditumizira linki yolipirira ndi khadi la ku banki, mtengo n'kutsikanso.

Khadi ine ndilibe, koma a Mariam anatsegula linkiyo kuti aone. Inkafuna nambala ya khadi, ndi pini yotapira ndalama pa makina a ku banki.

"Basi," anatero, n'kundibwezera foni. "Pini ya khadi safunsa pa intaneti, ngakhale a banki eni akewo sakufunsani. Amene waifunsa wadziulula yekha. Koma kuti alamu anu asanene kuti Mariam ndi wansanje, mchimwene wanga Shafik amagulitsa nsapato ku Limbe konko. Mawa akayang'ana."

Shafik anapitadi. Nyumba yobiriwira anaipeza, ndipo anatiimbira pa vidiyo ali pakhomo pake. Munali mnyamata womata matayala. Iye ndi anzake oyandikana nawo anati Mwala Wosatha sanaimvepo, koma Shafik sanali woyamba kubwera kudzafunsa. Sabata yapitayo kunabwera bambo wina wa ku Thyolo ndi galimoto yahayala, kudzatenga mwala wa mkazi wake.

A Mariam anatukwana. Ine ndinangoti, "Oho." Anandiyang'anitsitsa, mwina ankadikira kuti ndithokoze Mulungu kapena ndinjenjemere. Ndinagula mchere n'kubwerera kunyumba.

Ndinaganiza kuti nkhani yotere si ya pa foni, ndiye ndinakwera njinga kupita ku Matandani. Ndinapeza a Binwell ali ndi alongo awo awiri ndi amalume awo pakhonde. Chithunzi chija chinali chitandiyambira kufika. A Wisdom anali atawatumizira, iwo n'kuchimwaza kwa abale onse mpaka ku Joni. Mlongo wina anali atachiika pamaso pa foni yake. Onse anali atalira kale, ndipo nditafika anandiyang'ana ndi maso oyembekeza kuti tilirire limodzi.

Ndinakhala pamphasa n'kufotokoza zonse, mwadongosolo, monga anandionetsera a Mariam. Zilembo zoima chilili. Manda a ku Joni. Tsamba logulitsa feteleza. Stelia. Kamera yosweka. Womata matayala. Mawu anga ndinkawamva ndekha, anali osalala ngati ndikuwerenga zolengeza za kutchalitchi. Mwina ndikanalira akanandimvera. Mwina ndikanakalipa, kumenya pansi, kugubuduka. Koma ndinalibe poti ndizitenge.

A Binwell anamvetsera mpaka kumapeto, ulemu ali nawo. Kenako anaimbira a Wisdom pomwepo n'kuika mawu pamtunda kuti tonse timve. Munthu uja sanakwiye. Anaseka mwachisoni. Anati chithunzi cha ku Joni ndi chawo chomwe, miyala amaitanitsa kumeneko. Anati shopu anasamutsa mwezi watha, anaiwala kutiuza. Anati adani ndi ambiri pa bizinesi, ndipo Satana sakondwa mwana wa Mulungu akamathandiza amasiye. Anatchula vesi, a Binwell n'kuimalizitsa. Pomaliza anati ngati mayi athu sakumasuka ndi nambala ya Stelia, nayi ina.

"Yesani imeneyo muone dzina," ndinatero.

Ndinailemba ndekha. Linatuluka dzina lachitatu, la mwamuna, losakhala Wisdom. Ndinawaonetsa onse, mmodzimmodzi.

"Ndi dalaivala wa lole," anatero a Wisdom pa foni, asanafunsidwe n'komwe.

"Mwamva," anatero a Binwell.

A Binwell anadula foni. Amene anayamba kuyankhula ndi mlongo wamkulu, maso ali pansi, akutolatola ulusi pa chitenje chake.

"Komatu ndalama zikakhalitsa pamalo zimayamba kuchepa. Mwina alamu angotiuza ngati pali vuto. Tonse ndife anthu."

Ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza. Kale ndikanamudumphira, ndipo anthu akanachita kutilanditsa. Tsiku limenelo ndinangoona kuti chitenje chake chinali chatsopano. Ndinatsegula foni n'kuwaonetsa ndalama zonse zili momwemo.

"Ndiye chovuta n'chiyani?" anatero amalume. "Zilipo, mwala ulipo, tsiku layandikira. Anthu tawaitana kale. Mayi wa golosale ndiye atiuze za manda a mwana wathu?"

"Mwala kulibe, amalume. Tipite ku Blantyre ndi miyendo yathu, tikaone ndi maso. Ndalamazi zingakwane mwala waung'ono. Tsiku tikhoza kusuntha."

"Waung'ono," anatero a Binwell. Anayang'ana chithunzi chija pa foni yawo. "Mng'ono wanga, mwala waung'ono, uwu ulipo kale ndi dzina lake?"

Manda ali kwawo. M'bale ndi wawo, ndipo ine pamudzi paja ndine mlendo amene anabwera ndi ukwati, ukwatiwo n'kutha ndi khasu m'munda. Ndinaganiza zochotsapo za mbuzi zanga, koma ndinadziwa kuti mawa lake nkhani idzakhala yoti mkazi wa Kalisto anakana kuika mwala pa mwamuna wake, ndipo Ellen adzakula akuimva. Ndinati, "Ine kwa munthu ameneyu situmiza. Ndikutumizirani inu, alamu, zonse. Ndanena zimene ndaona, ndipo nonse mwamva." Ndinalemba nambala ya a Binwell, dzina lawo linatuluka, ndinalemba pini. Foni yawo inalira m'manja mwawo.

Anatumiza ndisananyamuke. Anavala magalasi, analemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, dzina la dalaivala uja linatuluka, iwo analidutsa osaima. A Wisdom anayankha ndi chithunzi cha manja opemphera. Ine ndinapempha madzi akumwa, ndinamwa, n'kutsazika.

A Mariam nditawauza anagwira pakamwa. Anati tiimbire kampani ya foni nthawi yomweyo, mwina ndalamazo sizinatapidwe, akhoza kuziimitsa. Koma wodandaula amayenera kukhala mwini nambala imene yatumiza, ndipo mwini nambalayo anali kalikiliki kugula simenti. Ndinawaimbirabe a Binwell kuwapempha. Anati, "Mlamu, mtima wokayika ndi tchimo," n'kudula.

Sabata yomaliza ndinapita kukakhala ku Matandani kuthandiza zokonzekera. Mmisiri anali atamanga maziko pamanda, simenti yosalala bwino, kumutu atasiya mpata wa muyeso umene a Wisdom anatumiza. Anyamata analambula njira yochokera kumsewu kuti lole idzafike pafupi. Ine ndinapeta mpunga, ndinatunga madzi, ndinasenda anyezi. Palibe amene anatchulanso za tsiku lija. Ankandichitira ulemu wochuluka, wa mtundu umene amachitira munthu wodwala mutu.

Lole inkayenera kufika Lachisanu. Masana a Wisdom anaimbira a Binwell kuti yafera pa Zalewa, pakufunika ndalama pang'ono ya chitsulo china, adzabweza akafika. A Binwell sanandiuze. Ndinamva kwa akazi awo kuti agulitsa matumba a chimanga kwa wavenda pamtengo wotaya. Dzuwa litapendeka anaimbanso: lole yakonzedwa, koma Sabata latsala pang'ono kulowa, ndipo iwo sangayendetse katundu pa tsiku la Ambuye. Adzanyamuka Lamulungu mbandakucha, pofika nthawi ya mwambo mwala udzakhala utaima.

A Binwell anabwera kudzandiuza okha, nkhope ikuwala. "Mukuona, mlamu? Wakuba amasunga Sabata?"

Loweruka lonse foni yawo inakhala m'kabati, yozimitsa, polemekeza Sabata. Anapita kutchalitchi, anaimbitsa kwaya, ndipo ndinamva kuti anaperekera umboni za m'bale wa ku Limbe. Ine ndinatsala pakhomo kuyang'anira nkhuku za mawa. Ndinkadziwa kuti kwinakwake munthu wapatsidwa tsiku lathunthu loti palibe amuimbire. Ndinkazidziwa monga umadziwira kuti kunja kukuzizira uli m'nyumba.

Lamulungu anthu anayamba kufika kukadali mame. Ena anachokera ku Luwani, ena ku boma, mlongo wa ku Joni anali atafika ndi basi dzana lake. Mipando ya kutchalitchi inandandalikidwa pansi pa mitengo. Nsalu yoyera yophimbira mwala inali itasitidwa, itapindidwa pa tebulo, mwana wina atauzidwa kuti asaikhudze. A Binwell anavala jekete lawo lakuda n'kupita kukaima kumsewu, pamene njira yolambula ija imayambira.

Dzuwa linakwera. Kwaya inaimba nyimbo zonse zimene inakonzekera, n'kuyambiranso. Mkulu wa mpingo anayang'ana wotchi yake, kenako anasiya kuiyang'ana. Azimayi a kukhitchini anatuma munthu kudzafunsa ngati apakule. Galimoto iliyonse ikamveka kumunsi, mitu yonse inkatembenuka, ndipo inkakhala njinga yamoto kapena lole ya mbatata. Mlongo wamkulu uja anandidutsa kangapo osandiyang'ana. Ndinatsegula Fesibuku kamodzi. Tsamba la Mwala Wosatha kunalibe.

Amalume ndi amene anandiyandikira, mawu ali pansi. "Pitani mukawatenge alamu anu. Ife akutikana."

Ndinatsika njira ija. Ndinawapeza ataima pakati pa msewu, fumbi litayeretsa nsapato zimene anapolisha m'mawa, foni ili kukhutu. Nditayandikira ndinamva mawu a mayi wa mu foni uja akunena kuti nambala imene mwaimbayi sikupezeka. Anadula, anaimbanso. Mayi uja anabwereza.

"Alamu," ndinatero.

Sanatembenuke msanga. Atatembenuka, ndinaona kuti munthu uja wakalamba kuchokera m'mawa. Milomo inali itauma.

"Netiweki ya kuno mumaidziwa," anatero. "Foni yangayi nthawi zina imavuta. Tayesani pa yanu, mlamu."

Ndinayesa. Ndinaika mawu pamtunda. Tinamvetsera limodzi mpaka mayi uja anamaliza Chichewa n'kuyamba Chingerezi.

"Tayesaninso."

Ndinayesanso, poti ankandiyang'ana.

Anavula magalasi n'kuwapukuta pa jekete, nthawi yaitali, mbali zonse. Ndinkadikira kuti anene za Satana, kapena za lole, kapena andiuze kuti ndinalodza zinthu ndi kukayika kwanga. Ndinali nditakonzeka kumva chilichonse, poti zonse zinkangondidutsa.

"Kalisto sanavalepo nsapato yatsopano ali mwana," anatero, akuyang'ana kumunsi kwa msewu. "Zonse zinali zanga zotha. Malaya, kabudula, ngakhale buku la kusukulu, ndinkayamba ndine. Njinga imene anakufunsirani nayo ija inali yanga, nditaitopetsa. Sanadandaulepo." Anameza malovu. "Ndimati kamodzi kokha alandire chinthu chabwino, choyambira iye."

Pamenepo china chake chinandigwira mkati mwangamu, mwamphamvu, moti ndinachita kugwira mtengo wa m'mbali mwa msewu. Chinali chisoni, chenicheni, choyamba chaka chonsecho, ndipo chinabwera ndi ululu ngati mwendo uja magazi akayamba kubwerera. Sindinachifune. Ndinali nditakonzeka kukhala wolondola tsiku limenelo, osati kumvera chisoni munthu amene wataya mbuzi zanga. Koma ndinalira pamsewu pomwepo, mokweza, kamwa lili yasa, ndipo anthu a pansi pa mitengo anamva n'kudziwa kuti lole sikubwera.

A Binwell anadikira mpaka nditatha. Kenako anabweza magalasi kumaso, anakonza jekete.

"Ndikawauza ndine," anatero. "Inu mukauze azimayi apakule. Anthu achokera kutali."

Tinakwera njira ija, iwo patsogolo, ine pambuyo.